Kamzere Kamodzi m'Mabuku a Lameki

Lameki Nankhonya anafika kwa a Cyprian Kalinde Lolemba masana, dzuwa la Seputembala lili paliwombo, iye ndi njinga yake atachita mbuu ndi fumbi. A Kalinde anali pakhonde la nyumba yawo, kuseri kwa mishoni ya Guilleme, kumene anamanga atapuma ntchito. Anamuzindikira akadali patali chifukwa cha kayendedwe kake. Lameki sankathamanga, komanso sankaima.

"Pa foni ndinati ubwere m'mawa," anatero a Kalinde asanayankhe n'komwe moni. "M'mawa mwako ndi muno?"

"Ndinanyamuka itakwana eyiti, bwana."

"Zaka zonsezi sunasinthe."

A Kalinde anali manejala wa esiteti ya fodya ya Mtsekwe, cha ku Chiosya, kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka pamene eni ake anasiya kulima mu 2020. Lameki anagwira ntchito pansi pawo pafupifupi zaka zonsezo. Anachokera ku Phalombe ali mnyamata, sukulu atalekezera Sitandade 8, nayamba ndi kuthirira nazale, kenako kusoka fodya, kenako kusankha fodya mu shedi. Pamenepo ndiye pamene anaima. Anzake anakwera kukhala akapitawo, ena anachotsedwa chifukwa chozembetsa feteleza, ena anawolokera ku Zambia. Lameki anangokhala Lameki. Esiteti itatsekedwa, eni ake anamulola kukhalabe m'nyumba ya antchito ndi kulima kamunda, kuti pamalopo pazioneka munthu.

Tsopano malowo anali atagulitsidwa. Ogulawo ankafuna nyumba zonse zikhale zopanda anthu pofika kumapeto kwa mwezi. Ku Phalombe kunalibe kobwerera: kamunda ka mayi ake kanagawidwa kalekale pakati pa alongo ake, ndipo kwa mkazi wake Esitere nakonso kunali kothina chimodzimodzi. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ana atatu akadali pasukulu, analibe dothi lakelake kulikonse.

Lameki anapisa m'thumba la shuga lakale natulutsa envelopu. Bungwe lina lochulukitsa mbewu ya mtedza, lokhala ndi minda yoyeserera cha ku Kachebere, linkafuna munthu wothandiza kumunda, woti azilemba zimene akuona tsiku ndi tsiku. Ntchitoyo inali ndi nyumba. Anali atamufunsa kale mafunso, ndipo anatsala anthu awiri, iye ndi mnyamata wina wa satifiketi ya Fomu 4. Chotsala chinali umboni wa bwana wakale, pa fomu yawo, yomata bwino, ifike ku ofesi pofika Lachisanu.

"Ndilemba zimene ndikudziwa," anatero a Kalinde. "Osayembekezera maluwa."

"Ndi zomwezo, bwana."

Atamwa madzi, Lameki anakwera njinga nabwerera.

Fomuyo inali ya m'Chingerezi, masamba awiri. Pamwamba inkafunsa ntchito imene munthuyo ankagwira, tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi chifukwa chosiyira. Pansi panali mabokosi oti achonge: luntha, changu, kudziyambira zinthu, kusunga nthawi, kudalirika, chilichonse ndi malo anayi, wopambana, wabwino, wapakatikati, wofooka. Kenako funso lakuti kodi anapatsidwapo chenjezo. Kenako lakuti kodi mungamulembenso ntchito.

Makalata a umboni m'dziko muno anaola kalekale, ndipo a Kalinde ankadziwa bwino kununkha kwake. Aliyense amene mungamuwerenge papepala ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu. Mbava ikaba, bwana wake amailembera kalata yokoma kuti ichoke msanga ikabe kwina. Iwo eni anapatsidwapo kalaliki wa sitolo amene kalata yake inamutcha chitsanzo cha achinyamata, ndipo chitsanzocho chinasowa ndi matayala anayi a thirakitala. Dzina la wolemba kalatayo ankalikumbukirabe, ndipo pa maliro sankamupatsa dzanja. Kuyambira pamenepo analumbira kuti cholembera chawo sichidzanama, ngakhale kunamako kukhale kwa chifundo.

Choncho anatenga pensulo, poti inki imabwera pomaliza, nayamba kuchonga. Luntha, wapakatikati. Changu, wapakatikati, Lameki ankasankha fodya wokwana belo limodzi pamene Alufeyo, katswiri wa shedi, wamaliza limodzi ndi theka. Kudziyambira zinthu, anazengereza pang'ono, nachonga wapakatikati. Atafika pa kusunga nthawi, pensulo inalowera yokha kwa wofooka. Ankakumbukira bwino. M'mawa uliwonse, ntchito itagwira moto, Lameki ankasowa mu shedi kwa theka la ola. Kapitawo anadandaula mpaka kutopa. Tsiku lina mu Julaye, a Kalinde anamuitanitsa, namuimika pakhomo la ofesi kuyambira hafu seveni mpaka teni kuti aganize bwino, kenako anamufunsa kumene amapita. Ndipo munthuyo, osaphethira, mwezi wa Julaye, kunja kuli gwa, anati, "Ndimapita ku mvula, bwana." Mwano wotere a Kalinde anali asanaumvepo. Analemba kalata ya chenjezo tsiku lomwelo.

Mayi Filomena, akazi awo, anabwera ndi tiyi nasuzumira papepala.

"Ndiye mwamupha munthuyu."

"Ndalemba zoona."

"Inu a Kalinde, kodi mumakhala dziko liti? Mnzakeyo amuchongera wopambana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wapakatikati wanuyo akamuwerenga aziti ndi chidakwa. Munthu sanabe, sanajombe, sanatukwane. Kungosuntha dzanja pang'ono chabe, mabokosiwa ndi oyandikana."

"Dzanja langa silisuntha."

"Linasuntha bwanji pa fomu ya mphwanu uja?"

"Ija sindinasaine."

"Eya, ndipo mpaka lero sabwera kuno." Anaika kapu patebulo mwamphamvu. "Chidindo cha esiteti chija chili m'kabati. Mudinde, mwina chingamuthandize."

"Esiteti ija kulibenso, ndipo ine sindine manejala. Ndisaina ngati Cyprian Kalinde, amene anali manejala, ndi nambala yanga ya foni. Chidindo chingakhale bodza."

Mayi Filomena anaseka chokwiya nalowa m'nyumba. Koma mawu awo anatsalira pakhondepo. A Kalinde anayang'ananso fomu ndipo anaona kuti n'zoona, pepalalo linali lomuthamangitsa munthu m'nyumba. Anafunafuna m'mutu chinthu chimodzi chabwino choti anene chomwe chinali chake cha Lameki yekha, osachipeza. Zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo chimene ankakumbukira chinali msana wowerama pa benchi ndi yankho lija la mwano. Ngakhale tsiku loyamba ntchito silinabwere. Mwina 2001, mwina 2002. Kulemba tsiku longoganizira sakanalola. Mafayilo anatsala mu ofesi yakale, ndipo kiyi anali ndi Lameki.

Lachitatu ananyamuka kum'bandakucha, minibasi kenako kabaza wa njinga yamoto, mafupa akudandaula pa bampu iliyonse. Anatsika pa geti la Mtsekwe nthawi itatsala pang'ono kukwana eyiti. Mabani oumitsiramo fodya anali atagwa madenga. Pamene panali nazale panali tchire louma. Esitere, amene ankasesa pabwalo, anagwada nawalonjera, nati bambo angotuluka kumene, ali kuseri uko.

A Kalinde analondola kanjira. Kanali kopapatiza, koma kolimba ndi kosalala ngati pansi pozira, kolowa pansi ngati kamfuleni, kodutsa pakati pa tchire mopanda kukhota. Kanjira kotere sikapangidwa ndi anthu ambiri. Kamapangidwa ndi mapazi awiri omwewo. Kanawafikitsa pamalo olambulidwa bwino, otchingidwa ndi kampanda kafupi ka nsungwi, kuseri kwa pamene panali ofesi yoyamba ya esiteti isanasamukire kumsewu. Pakati pake panaima chitini chamkuwa, chotuluka pansi kufika m'munsi mwa bondo, chopukutidwa mpaka kuwala.

Lameki anali ataima pambali pake, akuyang'ana wotchi ya pa foni. Sanawaone. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Mvula yomaliza inali itagwa mu Epulo. Fumbi linkawuluka, moto wolusa unkaoneka utsi wokha kumapiri a kumalire. Ndipo nthawi itakwana, munthuyo anagwada, nachotsa fanelo pamwamba pa chitinicho, natulutsa botolo, nalipendeketsa pa kagalasi koyezera, nadikira. Simunatuluke kanthu. Anakweza kagalasiko kufika pa maso, nakayang'ana mofatsa monga mmene munthu amayang'anira chinthu chimene sakudziwa yankho lake. Kenako anabwezera zonse m'malo mwake, natulutsa kope m'thumba, nalemba.

A Kalinde anasendera pafupi. Chitinicho anachidziwa. Anachikumbira okha.

"Lameki."

Munthuyo anadzidzimuka navula chipewa. "Bwana! Simunanene kuti mubwera."

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikuwerenga mvula, bwana."

"Wakutuma ndani?"

Lameki anawayang'ana modabwa, ngati akuyesedwa. "Ndi inu, bwana. Chaka chija kalaliki a Temwani anadwala. Munandiphunzitsa apa pomwe, munati eyiti koloko tsiku lililonse, kaya igwe kaya isagwe, mpaka nditakuuza kuti usiye."

"Chimenecho chinali chaka chanji?"

"2004, bwana. Novembala."

Zinabwerera pang'onopang'ono, ngati magazi m'mwendo wadzanzi. Eni esiteti ankafuna lipoti la mvula mwezi uliwonse masiku amenewo. Kalaliki anagonekedwa m'chipatala, ndipo a Kalinde anagwira munthu woyamba amene anadutsa wodziwa kulemba manambala. Patapita zaka ziwiri eni ake anasiya kufunsa za mvula, ofesi inasamuka, kalaliki anamwalira, ndipo nkhani ya chitini inatuluka m'mutu mwa manejala monga zimatulukira zinthu zikwi zina. Mawu oti usiye sanawanene. Sanakumbukire n'komwe kuti pali munthu amene akuwadikira.

"Mabuku ali kuti?"

Esitere anayala mphasa pakhonde ndipo Lameki anatulutsa chidebe cha pulasitiki chotsekedwa bwino kuopa chiswe. Munali buku limodzi lachikuto cholimba la esiteti, ndipo pambuyo pake makope a ana asukulu makumi awiri ndi anayi, lililonse lolembedwa chaka pachikuto. Malemba ake anali onyansa monga a Kalinde ankawakumbukira, manambala opendekeka ngati mpanda wakale. Koma mizere inali yojambulidwa ndi rula, tsiku lililonse mzere wake.

A Kalinde anali atawonapo mabuku a mvula ambiri ndipo ankadziwa kumene bodza limabisala. Silibisala mu Januwale, limabisala m'chilimwe. Munthu waulesi sapita ku chitini kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Amakhala pansi tsiku limodzi kumapeto kwa mwezi n'kutsetsereka ndi ziro makumi atatu, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, ziro womaliza wotopa kuposa woyamba. Choncho anatsegula Ogasiti wa 2009. Ziro wa pa 3 anali wa inki yabuluu, wa pa 4 wa pensulo, wa pa 5 wa pensulo yosongoledwa kumene. Pambali pa ena panali timawu: mame ambiri, nyerere m'botolo, ndatsuka, mbalame yanyera pa fanelo. Pa 17 Juni 2013 panali chizindikiro cha kamvula kosayezeka, kaja kongonyowetsa botolo, kamene munthu sangakaone pokhapokha atapitako. Anatsegula chaka china, ndi china. Zinali chimodzimodzi. Khirisimasi inalipo. Tsiku la chisankho linalipo. Chaka cha njala, pamene theka la antchito linathawa, chinalipo chathunthu. Zaka zinayi zimene esiteti inali yotseka, popanda manejala, popanda wofunsa, zinalipo tsiku ndi tsiku mpaka dzulo.

"Nanga E uyu ndi chiyani?"

"Ndi mayiwa, bwana. Ndikapita ku maliro kumudzi, kapena nthawi ija ndinagona ku chipatala ndi chibayo. Ndinawaphunzitsa. Koma ndimalemba kuti si ine."

"Amandifunsa kawiri kawiri ngati ndinaika diso pa mzere," anatero Esitere akuseka. "Tsiku lina munthu ali pa diripi, ine ndabwera ndi phala, moni wake ndi woti, zinali zingati? Ndinangotsala pang'ono kubwerera nalo phalalo."

A Kalinde sanaseke. Ankatembenuza masamba, chala chikutsika mzere ndi mzere, kufunafuna mpata. Mkwiyo wawo wakale unkafuna mpata, kuti dziko likhalebe monga ankalidziwira. Anaupeza mu kope la 2011. Pa 13 Julaye panalibe nambala. Panali kamzere kopingasa, ndi mawu awiri: sindinaone, ofesi.

"Apa?"

Lameki anayang'ana pansi. "Ndi tsiku lija munandiitana, bwana. Linali pa 14, koma yowerenga m'mawa timalemba pa dzulo lake, monga munanenera. Nditachoka ku ofesi teni inali itapitirira, ndipo kapitawo ananditengera ku shedi."

"Unali Julaye. Mvula siinagwe. Bwanji sunalembe ziro?"

"Munati ziro ndi woti wayang'ana n'kupeza mulibe. Ukapanda kuyang'ana, ulembe kamzere."

"Ndipo chenjezo lija? Unangolandira? Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani, bwana. Ndinati ndimapita ku mvula." Anakanda kumutu. "Ndinaganiza kuti mwakwiya chifukwa ndimachedwa kubwerako. Ndiye ndinayamba kuthamanga pobwerera."

A Kalinde anatseka kopelo. Anali munthu wosunga milandu. Ankatha kutchula tsiku ndi ola limene wina anawalakwira zaka makumi atatu zapitazo. Ndipo apa, m'makope a ana asukulu, munali munthu wina wosunga masiku kuposa iwo, amene m'zaka makumi awiri anasunga mlandu umodzi wokha, wa iwo, ndipo anaulemba ndi kamzere kakang'ono popanda dzina la wolakwa. Anapempha pepala nawerengetsera. Kuyambira pa 1 Novembala 2004 mpaka pa 10 Seputembala 2024 anali masiku 7,254. Masiku a Esitere anali makumi awiri ndi atatu. Kamzere kanali kamodzi.

Fayilo anaipeza mu ofesi, yodyedwa ndi chiswe m'mbali. Lameki anayamba ntchito pa 2 Okutobala 2001. Kalata ya chenjezo inali momwemo, ndi saini yawo yaikulu yonyada.

Lachinayi m'mawa anakhala patebulo ndi cholembera cha inki. Mayi Filomena anaima kumbuyo kwawo, manja m'chiuno.

"Lero ndiye muchonga wopambana."

"Ayi."

"Inu! Mwabwera dzulo ngati mwaona mngelo, osadya, ndipo mukuti ayi?"

"Sanasanduke wanzeru dzulo, Filomena. Akamulemba poyembekezera katswiri, adzamuchotsa pa miyezi itatu, nyumba n'kupita. Akamulemba, amulembe iyeyo."

Luntha analemba wapakatikati. Changu, wapakatikati. Kudziyambira zinthu, wapakatikati. Pa kusunga nthawi anafufuta pensulo yakale nachonga wopambana, ndipo pa kudalirika chimodzimodzi. Pa funso la chenjezo analemba kuti inde, kamodzi, pa 14 Julaye 2011, ndipo chenjezolo linali lolakwika, wolakwa anali wolemba kalata ino. Pa funso lakuti mungamulembenso analemba inde, najambula mzere pansi pake. Malo a ndemanga anali mizere itatu yokha, choncho anamatapo tsamba lina, limene m'Chichewa likanamveka motere:

"Bambo Nankhonya si munthu wachangu ndipo saphunzira chinthu tsiku limodzi. Muwauze momveka, muwaonetse kawiri. Musayembekezere kuti akubweretserani maganizo atsopano. Koma chimene mwawauza adzachichita monga mwanenera, inu mulipo kapena mulibe. Mu 2004 ndinawauza kuti aziwerenga mvula eyiti koloko tsiku lililonse, ndipo ndinaiwala. Mabuku awo ali ndi masiku 7,254. Tsiku limodzi lokha ndi losawerengedwa, ndipo sanalibise. Za zaka zimene anali pansi panga ndikuchitira umboni monga bwana wawo. Za kuyambira 2020 ndikunena zimene ndaona m'mabuku ndi maso anga dzulo. Mukawapatsa ntchito, mudzakumbukire kuwauza pamene yatha."

Anamata envelopu, nasaina podutsa pomatapo, nakaipereka okha ku ofesi ya bungwelo.

Foni inalira Lachiwiri lotsatira. Anali mayi wina wa mawu achangu, anati ndi Sheila Gondwe, woona za antchito.

"Ndikulankhula ndi bambo Kalinde, amene anali manejala pa Mtsekwe? Fomu iyi munalemba ndinu?"

"Ndine."

"Bambo, ndakhala pa ntchito ino zaka zisanu ndi zinayi, wapakatikati atatu pa fomu imodzi sindinawaonepo. Poyamba ndinaganiza kuti munayambana."

"Nanga winayo amuchongera chiyani?"

"Za wina sindinganene."

"Musanene, ndikudziwa kale. Mayi, ndikufunseni. M'minda yanu yoyesererayo, chimakuvutani n'chiyani? Kusowa anzeru?"

Mayiyo anaseka pang'ono. "Anzeru tili nawo. Chaka chatha tinataya zotsatira za munda wathunthu. Wolemba wathu ankadzaza masiku a maluwa ali pa sitolo, manambala okongola kwambiri."

"Ndiye muli ndi funso lanji?"

"Funso ndi lakuti masiku 7,254 ndi nkhani yokoma, ndipo nkhani zokoma ndimalandira zambiri. Komanso timalemba pa tabuleti. Munthu wanuyu adzatha?"

"Adzachedwa. Mwezi woyamba mudzakwiya naye. Za mabuku musakhulupirire ine. Muitaneni abwere nacho chidebe chake, mutsegule Ogasiti wa chaka chilichonse chimene mungafune, muyang'ane ziro."

"Ziro?"

"Mukawaona mudzamva."

Zimene zinachitika mu ofesimo a Kalinde anazimva kwa Lameki mwini, amene anafika ku Guilleme Loweruka pa 28, masana monga mwa nthawi zonse. Anati mayi Gondwe anaitana wasayansi wa bungwelo, ndipo awiriwo anakhala pansi ndi makope mpaka nthawi ya nkhomaliro kupitirira, wasayansiyo akujambula tsamba lililonse ndi foni, akungoti zaka makumi awiri, malo amodzi, zaka makumi awiri. Anamupatsa ntchito, miyezi itatu yoyeserera, kuyamba Lachiwiri pa 1 Okutobala hafu seveni. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, ya malata, mjigo pafupi. Thirakitala ya bungwe inali kudzatenga katundu Lolemba.

Mayi Filomena analulutira mpaka nkhuku kubalalika. Lameki anangomwetulira, akuzunguza chipewa m'manja. Sanadzuke kuti azipita.

"Pali china?" anafunsa a Kalinde.

"Ndi za chitini, bwana. Ogula aja akuti pamenepo alimapo soya. Ndiye ndimati ndimve kwa inu."

A Kalinde anaimirira. Sanadziwe chifukwa chake, koma mawuwo sakanatheka kunenedwa atakhala pansi.

"A Nankhonya, Lolemba muwerenge komaliza. Mukatero musiye. Ntchito ija yatha."

"Zikomo, bwana." Anazengereza. "Koma mwezi sutsekeka. Ya pa 30 imawerengedwa pa 1. Ine ndidzakhala ndili ku Kachebere, akazi anganso."

"Ndi Seputembala, bambo inu," anatero mayi Filomena. "Mvula ichokera kuti?"

Amuna awiriwo anawayang'ana, ndipo mayiwo anakweza manja nalowa m'nyumba.

Lachiwiri pa 1 Okutobala a Kalinde anatsika pa geti la Mtsekwe nthawi ili hafu seveni, kope ndi kagalasi atazitenga pawindo pamene Lameki anawasiyira. Nyumba ya antchito inali yotsekula, yosesedwa. Analondola kanjira kaja, mapazi awo akukwana movutikira, naima pambali pa chitini kudikira. Mphindi makumi atatu zinali zazitali kuposa mmene ankaganizira. Itakwana eyiti anagwada, mawondo akulira, nachotsa fanelo, napendeketsa botolo, nakweza kagalasi pa maso. Munalibe kanthu. Pa mzere wa 30 Seputembala analemba ziro, ndipo pambali pake K, kusonyeza kuti sanali Lameki.